Masekondi 14 a agogo Phiri

Pali nkhani yaifupi imene ndakhala ndikuilemba chiyambire dzinja lapitali, ndipo aliyense amene ndamuwerengera amaima pamalo amodzi omwewo. Amafuna ndimuuze ngati mtsikana wa m'nkhaniyo ananama kapena ananena zoona. Mnzanga wina, mphunzitsi wa Chichewa, anachita kuimirira pampando kunena kuti mwanayo ndi wopanda mwambo. Mkazi wake anamuyankha ali kukhitchini kuti mwanayo ndiye yekha amene anamvera agogo ake aakazi m'zaka makumi asanu. Ine ndinakhala chete, chifukwa mkangano wa awiriwo ndi umene ndinkafuna kuti nkhaniyo ibale. Lero ndikufuna ndiitambasule pamaso panu, muone mmene inaumbidwira, chifukwa zimene zili m'kati mwake zayamba kuchitika m'mabanja mwathu, foni yojambula itafika m'manja mwa adzukulu.

Anthu a m'nkhaniyi ndi opeka, koma nthawi imene anakhalamo ndi yeniyeni. A Phiri ndi mkamwini wa m'mudzi wina ku Dedza, wobadwa mu 1945. Njala ya 1949 inawapeza ali ndi zaka zinayi. Mu 1969 analembetsa Wenela, anakwera ndege pa Chileka mpaka ku Francistown, ndipo kuchoka kumeneko anayenda pa sitima kukafika ku migodi ya ku Joni. Anabwerako patatha zaka ziwiri, anapitanso, kenako anabwereratu mu 1974, chaka chimene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu opita ku migodi. Mdzukulu wawo, Tadala, akuphunzira zojambula mafilimu mu Lilongwe. Waganiza zowapangira agogo ake filimu pokondwerera kuti akwanitsa zaka 80. Akuwajambula masiku atatu ali khale pansi pa mtengo wa mango, ndipo pa tchuthi china akujambulanso agogo ake aakazi, a Nabanda. Usiku wina wa mu Julaye, kukuzizira monga kumazizirira ku Dedza, akupachika nsalu yoyera pa chipupa cha nyumba, akuyatsa pulojekita yobwereka, ndipo mudzi wonse ukukhala pansi utafunda mabulangete. A Phiri awakhazika pampando patsogolo penipeni. Nkhani yonse ikuchitika m'mphindi 12 zimene filimuyo ikuonetsedwa, kuphatikizapo m'mawa wa tsiku lotsatira.

Kuti mumvetse chimene chikuwachitikira agogowa pampando paja, muyenera kudziwa kaye ntchito imene mdzukulu wawo anagwira ali yekha pa laputopu. Ambiri timaganiza kuti filimu imapangidwa pojambula. Kujambula kuli ngati kukolola: umatuta zonse, ndi makoko omwe. Filimu imabadwa pokonza, pamene munthu akhala pansi n'kuyamba kudula ndi kulumikiza. Tadala anali ndi maola 6 a zojambula, ndipo filimu yake ndi ya mphindi 12. Ndiye kuti pa mphindi 30 zilizonse zimene anajambula, anasungapo imodzi, zina 29 n'kuzisiya. Musadabwe ndi chiwerengerochi, chifukwa akatswiri amataya zoposa pamenepa. Walter Murch, mmodzi mwa amene anakonza filimu ya ku Amereka ya Apocalypse Now ya mu 1979, analemba kuti anali ndi maola oposa 230 a zojambula, kotero kuti pa mphindi 95 zilizonse, imodzi yokha ndi imene inafika kwa oonera.

Mkonzi amayamba ndi kuonera zonse, akulemba papepala kuti pa mphindi yakuti munthuyu wanena zakuti. Akatero amasankha zidutswa zimene zamugwira mtima n'kuzindandalika pa mzere wa nthawi umene umaoneka pa kompyuta, chithunzi pamwamba, mawu pansi pake. Apa ndiye pali mphamvu yake yonse, chifukwa chithunzi ndi mawu ndi zinthu ziwiri zolekana. Angathe kuchotsa mawu n'kusiya nkhope. Angathe kutenga mawu a Lachiwiri n'kuwaika pansi pa nkhope ya Lachisanu. Akadula pakati pa chiganizo, mutu wa wolankhulayo umadumpha ndipo woonera amazindikira kuti pachotsedwa kanthu, choncho mkonzi amaphimba chilondacho ndi chithunzi china: manja a agogo, nkhuku ikudutsa pabwalo, chithunzi chakale chopachika m'nyumba. Woonera amaona manja okalamba n'kumva chisoni, osadziwa kuti pansi pa manjawo pamezedwa mphindi zisanu za nkhani. Palibe choipa pa zimenezi. Popanda kudula kotereku palibe amene angapirire kuonera, ngakhale mwini wake.

Koma taganizani kukhala mwini wakeyo. A Phiri ali ndi nkhani ya moyo wawo imene akhala akuifotokoza kwa zaka zambiri, pa maliro, pa bawo, kwa aliyense wofuna kumva. Ndi nkhani ya chikepe chotsika nawo pansi pa nthaka, ya Chifanakalo chimene ankalankhula ndi Amozambiki ndi Abasutu, ya njinga ndi wailesi zimene anabwera nazo, ya malata oyamba kuwala m'mudzimo. Anaifotokoza yonse kwa Tadala, mwatsatanetsatane, kwa maola atatu. Mu filimu yatenga mphindi ziwiri ndi theka. Nkhani ya kapitawo amene anamugonjetsa pa mkangano, imene iwo amaikonda kuposa zonse, mulibemo. Ali pampando paja akuyembekezera kuti ifike, milomo yawo yayamba kale kuikonzekera, koma chithunzi chikusintha, ndipo pa nsalu pakuoneka akazi awo.

Apa ndiye pamtima pa nkhani. A Nabanda akufotokoza za mwana wawo woyamba, amene anamwalira ndi chikuku mu 1970, bambo ake ali ku Joni. Akunena kuti maliro anayendetsa ndi alongo awo. Akunena kuti analembetsa makalata awiri kwa mphunzitsi wa pasukulu, koma yankho silinabwere, ndipo amuna awo atabwerako ndi njinga ija sanafunse kumene kuli manda. Akulankhula mosakweza mawu, akusankha nyemba m'lichero. Mawu awo asanathe bwino, chithunzi chikusintha, ndipo pa nsalu pakudzaza nkhope ya a Phiri. Sakulankhula. Mutu aupendeketsa, maso akuyang'ana kutali, pakamwa patseguka pang'ono. Nkhope imeneyi ikukhala pa nsalu masekondi 14, popanda mawu, popanda nyimbo. Yesani kuwerenga mpaka 14 mwapang'onopang'ono muli chete pakati pa anthu, muona kuti ndi nthawi yaitali. Amayi ena kumbuyo akuyamba kusisima. Mlamu wawo, amene sanawakhululukirepo, akuweramitsa mutu. Mudzi wonse ukuona bambo amene wasenza chisoni zaka 55 osachitula.

A Phiri okha ndi amene akudziwa kuti tsiku limene nkhopeyo inajambulidwa, palibe amene anatchula za mwana. Iwo anasiya kulankhula chifukwa anamva ngati mbuzi zalowa kudimba, ndipo ankatchera khutu.

Chimene Tadala anachitachi chili ndi mbiri yake. Cha m'ma 1920, katswiri wa mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anatenga nkhope ya wosewera wotchuka, Ivan Mozzhukhin, yosaonetsa kukondwa kapena kukhumudwa. Malinga ndi mmene wophunzira wake Vsevolod Pudovkin anafotokozera, nkhope imodzimodziyo anailumikiza ndi zinthu zitatu: mbale ya supu, bokosi la maliro muli mayi, ndi kamtsikana kakusewera ndi chidole. Oonera anayamikira luso la wosewerayo. Pa mbale ija anaona munthu wolingalira, pa bokosi anaona wachisoni, pa kamtsikana anaona akumwetulira. Nkhope sinasinthe ngakhale pang'ono. Chimene chinasintha ndi chimene anaiyandikizitsa nacho, ndipo tanthauzo analiika ndi oonera eni ake. Wophunzira aliyense wa mafilimu amauzidwa zimenezi chaka choyamba, ndiye Tadala sanachite mwangozi. Anafufuza m'maola 6 aja nkhope yoti iyankhe mawu a agogo ake aakazi, ndipo anaipeza pa mbuzi.

Woonera wamaso angathe kugwira chinyengo chotere, ndipo ndinaika zizindikiro zake m'nkhanimo kuti wowerenga wotchera khutu azitole. Kumbuyo kwa a Nabanda kukuoneka chimanga chobiriwira chofika m'mawondo, chifukwa anajambulidwa pa tchuthi cha Khirisimasi. Kumbuyo kwa a Phiri mango ali pa maluwa ndipo pabwalo pali fumbi, ndiye kuti ndi chilimwe, nthawi imene mbuzi zimamasulidwa ndipo madimba amakhala pangozi. Chizindikiro china ndi kuti phee weniweniyo. Kumudzi kulibe bata lopanda phokoso: pamakhala tambala, mtondo, mwana akulira kutali. Mukaona nkhope mu filimu ndipo phokoso lonse lazimiratu ngati mwatsekedwa m'khutu, dziwani kuti mkonzi wachotsa mawu a tsikulo, ndipo dzifunseni kuti munali chiyani. Mwa a Phiri munali kulira kwa mbuzi. Anthu a m'mudzimo ndi alimi, amadziwa bwino kuti mango sachita maluwa chimanga chili m'mawondo, koma usiku umenewo palibe anayang'ana mtengo. Onse anayang'ana maso a nkhalamba.

Anzanga ena anandifunsa chifukwa chimene ndinasankhira mdzukulu, osati mwana wawo weniweni. Kumaiko ena, mafilimu otere amapangidwa ndi ana. Mu 2020 Kirsten Johnson wa ku Amereka anatulutsa filimu ya Dick Johnson Is Dead, yokhudza bambo ake amene anayamba matenda oiwala, ndipo anafika powakonzera mwambo wa maliro m'tchalitchi iwo ali moyo, akuonerera. Kwathu kuno mwana wamkazi sangakhale pansi ndi bambo ake n'kuwafunsa za makalata amene sanayankhe. Pali ulemu umene umatseka pakamwa pa onse awiri. Koma pakati pa agogo ndi mdzukulu pali khomo lotseguka. Agogo aamuna amatcha mdzukulu wawo wamkazi kuti mkazi wanga, amaseka naye, amamuuza zimene sangauze mwana wawo. A Phiri atamuona Tadala akuimika kamera anati, “Mkazi wanga, ukufuna undigulitse kwa azungu?” Iye anayankha kuti, “Agogo, ndani angakuguleni ndi mano awiriwa?” Ndi chifukwa cha chibwana chololedwachi kuti analola kujambulidwa, ndipo anamasuka osadzitchinjiriza. Khomo limene mwambo unatsegulira nthabwala ndi limene mdzukulu analowera ndi mpeni wodulira. Ndiponso musaiwale kuti a Phiri ndi mkamwini. Anthu amene akhala kumbuyo kwawo usiku umenewo ndi abale a akazi awo, eni mudzi, eni manda amene mwana uja anagonamo. Tadala nayenso ndi wa mbumba imeneyo, chifukwa ndi mwana wa mwana wawo wamkazi. Filimuyo yawaimika pabwalo la akuchikazi popanda nkhoswe.

Palinso kusintha kwina kumene nkhaniyi ikuonetsa. Kuyambira kale, mbiri ya banja inali m'kamwa mwa akuluakulu. Iwo ndiwo ankasankha chonena ndi chosiya, ndipo ana tinkangomvera. A Phiri nawonso anali mkonzi: kwa zaka 55 ankadula chaka cha 1970 m'nkhani yawo, n'kulumikiza ulendo wa pa sitima ndi kubwera kwa njinga mosaonetsa msoko. Tsopano lumo lili m'manja mwa mwana wazaka 22. Sindikuona kuti kusinthaku n'koipa, chifukwa popanda iko mawu a a Nabanda akanapita nawo kumanda. Koma amene wagwira lumo ayenera kudziwa kulemera kwake.

Kulemba nkhani yotere kuli ndi msampha wake, ndipo ndinagwamo polemba koyamba. Munthu ukakhala ndi moyo wa zaka 80 m'manja, umafuna kuufotokoza wonse. Ndinayamba ndi njala ya 1949, ndinapita ku ukwati, ku Joni, kubwerako, mpaka masamba anachuluka filimu isanayambe n'komwe. Imeneyo ndi ntchito ya buku lalitali. Samuel Josiah Ntara anachita zimenezo mu Nthondo, buku la mu 1933, potsatira munthu mmodzi kuyambira ubwana wake mpaka kumapeto, ndipo anali ndi malo okwanira. Nkhani yaifupi ilibe malo amenewo. Imafanana ndi filimu ya Tadala: iyenera kutaya 29 kuti isunge chimodzi. Nditazindikira zimenezi ndinayambira pamene nsalu ikupachikidwa pa chipupa, ndipo za m'mbuyo zonse zinayenera kulowera pa zimene zikuoneka pa nsalupo kapena zimene agogo akuona kuti zikusowa.

Msampha wachiwiri ndi wofotokoza filimu ngati kuti wolemba ndi kamera: kenako panaoneka chakuti, kenako chakuti. Wowerenga amatopa msanga, chifukwa akuuzidwa za chinthu chimene sangachione. Chimene pepala lingachite, chimene kamera singathe, ndi kulowa m'mutu mwa munthu amene wakhala pampando. Choncho chilichonse chooneka pa nsalu ndinachilemba kawiri m'chiganizo chimodzi: chimene mudzi ukuona ndi chimene a Phiri akudziwa. Mudzi ukuona nkhalamba yovala jekete laulemu, iwo akukumbukira kuti jeketelo anachita kuwakakamiza ndi Tadala ndipo linkawayabwa m'khosi. Mudzi ukumva mawu a munthu wamkulu, iwo akudabwa kuti mawu awo ndi opyapyala chonchi, chifukwa aliyense amadzimva mosiyana ndi mmene makina amamumvera. Akuona khosi lawo kumbuyo, malo amene sanawaonepo, ndipo ndi khosi la malume awo amene anamwalira kalekale. Tinthu timeneti timamuzoloweza wowerenga kuti pali mpata pakati pa nsalu ndi mpando. Akamafika pa masekondi 14 aja, mpatawo amakhala akuudziwa kale, ndipo amagweramo pamodzi ndi agogo.

Samuel Beckett anachita zofananako m'sewero lake la mu 1958, Krapp's Last Tape, mmene nkhalamba yazaka 69 imamvetsera tepi imene inadzijambula ili ndi zaka 39. Koma nkhalamba imeneyo ili yokha m'chipinda, ndipo ikafika pamalo owawa imatha kuimitsa tepi kapena kuithamangitsa. A Phiri alibe batani. Ali pakati pa anthu, ndipo kudzuka pampando kungakhale kuvomera mlandu. Ichi n'chifukwa chake ndinakana malangizo a mnzanga wina amene ankafuna kuti agogowo aonere filimuyo pa foni, ali awiri ndi mdzukulu wawo. Pa foni akanangoti, “Zimitsa,” nkhani n'kuthera pomwepo.

Masekondi 14 aja ndinawapatsa tsamba lathunthu, ngakhale kuti zaka zisanu za ku Joni zinangotenga ndime imodzi. Poyamba a Phiri akufuna kuseka ndi kuuza anthu za mbuzi. Akutembenuka, ndipo akuona nkhope ya akazi awo m'kuwala kochokera pa nsalu. A Nabanda sakuyang'ana amuna awo amene ali pambali pawo. Akuyang'ana amuna awo a pa nsalu, ndipo akuwayang'ana mmene sanawayang'anirepo chibwerereni ku Joni. Apa ndi pamene nkhalamba ikuzindikira kuti mkazi wake wakhala akudikira nkhope imeneyi moyo wake wonse, ndipo wailandira kuchokera kwa mbuzi. Chisoni cha mwana anali nacho ndithu. Makalata onse awiri anawalandira, ndipo anayamba kuyankha katatu pa bedi lake la simenti mu komponi, osapeza mawu. Filimu yanena zoona za mumtima mwake pogwiritsa ntchito umboni wabodza. Akaulula za mbuzi, alanda mkazi wake chimene wangolandira kumene. Akakhala chete, ndiye kuti wavomera kuti mdzukulu amulirire maliro amene iye mwini sanalire.

Mathero anandivuta kuposa zonse. Mathero apafupi, amene amabwera okha m'mutu, ndi akuti agogo alire, apepese pagulu, banja likumbatirane. Ena ndi akuti agogo amwalire usiku womwewo filimu itatha. Onsewa ndinawakana. Oyambawo amamupatsa Tadala chikho, ngati kuti chinyengo chikabala zabwino chimasanduka chilungamo. Achiwiriwo amathawitsa nkhalamba pa funso limene iyenera kuyankha. Ndiponso bambo wa msinkhu umenewo, woleredwa mmene analeredwera, salira pamaso pa alamu ake chifukwa cha kanema.

Mmene ilili tsopano, filimu ikutha, anthu akuomba m'manja, a Phiri akuthokoza mwaulemu n'kukagona. M'mawa akumupeza Tadala akupinda nsalu ija. Akumuuza kuti, “Mbuzi zija zinalowadi. Zinadya mpiru wonse.” Mtsikanayo manja akuuma, chifukwa wadziwa kuti agwira. Akuyamba kufotokoza, koma iwo akumudula: “Nkhope imene waonetsa anthu ija ndi ya mbuzi, Tadala. Ya mwana wanga sunaione.” Aka ndi koyamba m'nkhani yonse kuti amutchule dzina m'malo mwa mkazi wanga, ndipo wowerenga wa Chichewa safunika kuuzidwa kuti nthabwala yatha. Akatero akupita kukakhala pakhomo la khitchini, malo amene sakhalapo, pamene a Nabanda akusenda mtedza. Palibe akulankhula. A Nabanda akukankhira lichero pakati pa awiriwo. Kamera ili m'chikwama, ndipo Tadala sakuitulutsa.

Mwina mwaona kuti sindinanene ngati a Nabanda akudziwa za mbuzi. Mkazi amene wakhala ndi mwamuna zaka zoposa 50 amadziwa mmene amapendeketsera mutu akamamvetsera ziweto, ndipo mtengo wa mango uja anaubzala ndi iye. Ndinasiya chiganizo chimodzi chokha chonena kuti pa nthawi ya masekondi aja iwo anayang'ana kaye maluwa a mango asanayang'ane nkhope. Wowerenga wina amachidumpha, wina amaima pomwepo n'kuyambiranso nkhani yonse.

Tsono funso la mnzanga mphunzitsi uja ndi mkazi wake. M'nkhanimo sindinaweruze, chifukwa si ntchito ya nkhani yopeka kugamula mlandu. Koma pano ndinena maganizo anga. Tadala anachita bwino kujambula agogo ake aakazi, anachita bwino kusunga mawu awo, ndipo anali ndi ufulu wotaya nkhani ya kapitawo ija. Kufupikitsa, kusankha, kusintha ndondomeko ya zochitika, zonsezi ndi ntchito ya mkonzi. Analakwa pa zinthu ziwiri. Anaika nkhope ya munthu pansi pa mawu amene munthuyo sanawamve, kuti oonera akhulupirire kuti akuwayankha. Mu filimu yopeka zimenezi ndi luso, chifukwa wosewera anavomera kuti nkhope yake ndi dongo la mkonzi. Mu filimu ya moyo wa munthu weniweni ndi kumuikira mawu m'kamwa, ngakhale mawuwo akhale kukhala chete. Njira yoongoka inalipo, koma inali yoopsa: kuwaseweretsa agogo aamuna mawu a akazi awo, atavomera onse awiri, n'kujambula chimene chikanachitika, kaya ndi kulira, kaya ndi kudzuka n'kuchokapo. Tadala anaopa kufunsa, ndipo laputopu inamupatsa njira yopezera yankho popanda kufunsa. Cholakwa chachiwiri n'chakuti anaonetsa mudzi asanaonetse mwini wake. Akanakhala nawo pansi dzulo lake, awiriwiri, nkhalamba ikanasankha yokha kuti masekondiwo akhale kapena achoke, ndipo mwina ikanati akhale.

Sindikumuda mtsikanayu. Ndinamulemba ndi chikondi, chifukwa chimene chinamukankha ndi chifundo pa agogo ake aakazi, ndipo ali ndi zaka zimene munthu amakhulupirira kuti akaona choonadi ndiye kuti ali ndi chilolezo chochionetsa mwanjira iliyonse. Achinyamata ngati iye alipo ambiri tsopano, akujambula agogo awo pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa masiku obadwa, ndipo akuchita ntchito yofunika. Amuna amene anapita ku Wenela atsala ochepa, akazi amene anawadikira nawonso akutha, ndipo zambiri zimene akudziwa sizinalembedwe paliponse.

Choncho inu amene muli ndi foni ndipo agogo anu akadali moyo, ajambuleni chaka chino, aamuna ndi aakazi omwe, aliyense payekha. Sungani zonse zimene mwajambula pamalo awiri, osafufuta zimene simunazigwiritse ntchito. Ndipo mukamaliza kudula ndi kulumikiza, musanapachike nsalu pa chipupa kapena kutumiza pa gulu la banja, pitani nayo filimuyo kwa eni ake, muonere nawo muli awiri, batani loimitsira lili m'manja mwawo.